Khoma la amalume: masamu atatu oti muchite musanagule simenti

Amene muli pa gulu lathu la WhatsApp mukukumbukira chithunzi chija chinazungulira mvula ili mkati: khoma lotchinga dothi kuseri kwa mashopu pano pa Nambuma litawerama ngati gogo wofuna ndodo, pamwamba pake nthaka itang'ambika. Ndemanga zinagwa ngati matalala. Ambiri anagamula pompo kuti mmisiri anaba simenti. Ena akuti mwini wake ndi woumira, ena mpaka anafika pa nkhani ya kukhwima.

Ine ndinapita kukaliona. Ndinakanda konkiriti ndi msomali, osagumuka ngakhale pang'ono, ndipo khomalo silinathyoke paliponse. Linapendekeka lonse lathunthu ngati chitseko, kutanthauza kuti simenti inagwira ntchito yake. Vuto linali pansi, pomwe kamera ya foni siifika.

Nkhaniyi yandifika pakhomo tsopano. Amalume anga agula malo otsetsereka, adula phiri pang'ono kuti pakhale posalala pomanga mosungira soya ndi mtedza. Kumbuyo kwatsala chigwembe cha dothi, ndipo pamwamba pake pali nyumba ya anthu ndi njira yomwe ana amadutsa popita kusukulu. Mmisiri wabwera ndi chojambula cha khoma la konkiriti ya zitsulo, lotalika mamita 20. Amalume anandiponyera pepalalo: "Iwe mphwanga, paja unayambako za uinjiniya, taona ngati zili bwino." Zoona, ndinaphunzirako zaka ziwiri fizi isanandibweze kumudzi. Sindine injiniya, koma masamu awa ndinawagwira, ndipo aliyense amene ali ndi kakyuleta pa foni akhoza kuwatsatira.

Khomali limaima bwanji?

Mtundu wa khoma lomwe anajambula umatchedwa kantiliva. Mukaliyang'ana cham'mbali limaoneka ngati chilembo T chozondoka, kapena mwendo wa munthu: pali thupi loimirira, ndipo pansi pali phazi lopyapyala la konkiriti. Mbali ya phazi yomwe yatulukira kutsogolo tiitche chala, yomwe yalowa kunsi kwa dothi kumbuyo tiitche chidendene.

Nzeru yake yagona pa chidendenepo. Dothi lomwe likukankha khoma ndi lomwenso lakhalira chidendene n'kuchipanikiza pansi. Zili ngati munthu akukukankha uku atakuponda phazi: kukugwetsa kumamuvuta chifukwa kulemera kwake komwe kukukugwira. Chidendene chikafupika, dothi lokugwira limachepa, koma lokankha silichepa.

Khoma lotere, ngakhale konkiriti yake ikhale yolimba chotani, likhoza kulephera m'njira zitatu. Likhoza kugubuduzika chafufumimba, likhoza kutsetsereka lonse kupita kutsogolo, kapena chala chake chikhoza kutitimira m'nthaka. Njira iliyonse ili ndi masamu ake.

Dothi limakankha ndi mphamvu yanji?

Pa pepala la mmisiri, kuchokera kunsi kwa phazi kufika pamwamba ndi mamita 3. Masamu timachitira pa chidutswa cha khoma chotalika mita imodzi, chifukwa chomwe chikuchitika pa mita imodzi ndi chomwe chikuchitika ponse.

Kiyubiki mita imodzi ya dothi wamba imalemera pafupifupi matani 1.8. Dothi silikankha cham'mbali ndi kulemera kwake konse ngati madzi, chifukwa timchenga take timakolana. Injiniya wa ku Scotland dzina lake Rankine analemba njira yowerengera zimenezi mu 1857, ndipo mpaka lero ikuphunzitsidwa. Kwa dothi lamchengamchenga lotsendereka bwino, lomwe pamwamba pake ndi posalala, limakankha cham'mbali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Kukankhako kumayambira pa ziro pamwamba n'kumakula potsika pansi. Zonse pamodzi:

0.5 × 0.333 × 1.8 × 3 × 3 = 2.7

Matani 2.7 pa mita iliyonse ya khoma. Amenewo ndi matumba 54 a chimanga a makilogalamu 50, akukankha usana ndi usiku osapuma. Popeza kukankha kwambiri kuli m'munsi, mphamvu yonseyi timaitenga ngati ikugunda pa mita imodzi kuchokera pansi.

Taonani kuti 3 uja walowa kawiri. Khoma la mita imodzi ndi theka limakankhidwa ndi matumba osakwana 14. Mukalitalikitsa kawiri, kukankha kumakula kanayi. Apa ndi pomwe amisiri ambiri aluso amapunthwa: anamangapo makoma aafupi ambirimbiri osagwa, ndiye amaganiza kuti lalitali ndi kungoonjezera pang'ono.

Funso loyamba: kodi ligubuduzika?

Amene anamasulapo nati ya njinga yamoto akudziwa kuti sipanala yaitali imamasula mosavuta kuposa yaifupi. Chomwe chimatembenuza chinthu ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda. Khoma likamagwa limazungulira pa nsonga ya chala, ndiye mitunda yonse timayezera pamenepo.

Mbali yogwetsa ndi yosavuta: matani 2.7 kuchulukitsa ndi mita imodzi, yankho 2.7.

Mbali yogwira ili ndi zinthu zitatu. Mmisiri anajambula phazi la mamita 1.2: chala masentimita 30, thupi masentimita 30, chidendene masentimita 60, ndipo phazilo ndi lochindikala masentimita 30. Konkiriti imalemera matani 2.4 pa kiyubiki mita. Thupi la khoma likulemera matani 1.9 ndipo pakati pake pali pa masentimita 45 kuchokera ku chala. Phazi likulemera matani osakwana pang'ono 0.9, pakati pake pa masentimita 60. Dothi lokhalira chidendene likulemera matani 2.9, pa masentimita 90. Mukachulukitsa chilichonse ndi mtunda wake n'kuphatikiza, mupeza 4.0. Onani kuti dothi la pa chidendene lokha lapereka zoposa theka.

Ndiye 4.0 yogwira, 2.7 yogwetsa. Wina anena kuti basi, khoma lawina. Ayi ndithu. Tikagawa 4.0 ndi 2.7 tikupeza pafupifupi 1.5, pomwe mabuku ambiri amafuna 2. Malire amenewa amaikidwa chifukwa nambala zathu za dothi ndi zongoyerekeza, ndipo mawa wina adzaimika lole ya soya pamwamba pa chigwembe, kapena kuunjikapo njerwa. Khoma la mmisiri silikugwa lero, koma mpata wake ndi wochepa.

Funso lachiwiri: kodi litsetsereka?

Khoma likhoza osagubuduzika koma n'kukhwekhwereka lonse ngati kabati yokankhidwa pa simenti. Chomwe chimaligwira ndi kukhuzana kwa phazi ndi nthaka, ndipo kukhuzanako kumadalira kulemera. Kabati yodzaza mbale imavuta kukankha kuposa yopanda kanthu.

Kulemera konse kwa thupi, phazi ndi dothi la pa chidendene ndi matani 5.7. Pa nthaka yolimba yamchengamchenga, kukhuzana kumagwira pafupifupi theka la kulemerako, matani pafupifupi 2.9. Kukankha kuja ndi 2.7. Tikagawa tikupeza zosakwana 1.1, pomwe pamafunika 1.5. Apa ndiye khomali laima pa ulusi. Ndipo ngati pansi ndi dongo lonyowa, theka lija limatsika kufika mwina gawo limodzi mwa atatu, khoma n'kuyamba ulendo.

Mmisiri ananditsutsa apa, ndipo funso lake linali lanzeru. "Achimwene, nanga dothi lomwe tikwirire kutsogolo kwa phazi silitchinga?" Limatchinga inde, koma ainjiniya osamala saliwerengera likakhala losazama. Dothi limenelo ndi lomwe madzi a padenga amakokolola, ndipo ndi pomwe munthu amadzakumba ngalande chaka chamawa osafunsa aliyense. Sungadalire mlonda amene akhoza kuchoka tsiku lililonse.

Funso lachitatu: kodi nthaka ipirira?

Ili ndi lomwe anthu ambiri salidziwa. Matani 5.7 atagawika mofanana pa phazi lonse, sikweya mita iliyonse ikanasenza matani osakwana 5, zomwe nthaka yambiri imatha. Koma khoma lokankhidwa kumbuyo silipondera mofanana. Imirirani, mnzanu akukankheni kumsana: zidendene zimapepuka, kulemera konse kumathamangira ku zala.

Kuti tidziwe pomwe kulemera kwathera, timachotsa yogwetsa pa yogwira n'kugawa ndi kulemera konse:

(4.0 − 2.7) ÷ 5.7 = 0.23

Kulemera konse kukuponda pa masentimita 23 okha kuchokera ku nsonga ya chala. Lamulo lake ndi lakuti mukagawa phazi patatu, malo amenewa agwere m'chigawo chapakati. Pa phazi la mamita 1.2, chigawo chapakati chikuyambira pa masentimita 40 kulekeza pa 80. Ife tili pa 23, kunja kwenikweni. Zikatere mbali ya kumbuyo ya phazi siipondanso nthaka. Pa khoma ili, masentimita pafupifupi 70 akutsogolo okha ndi omwe akusenza, ndipo pansi pa chala nthaka ikupanikizidwa ndi matani pafupifupi 17 pa sikweya mita.

Kodi nthaka yathu ingathe zimenezo? Zitengera pomwe mwaima. Kumtunda kuno kuli katondo wofiira uja, yemwe akakhala wosakumbidwa komanso wouma amalimba, ndipo poyerekeza koyamba anthu amamupatsa matani 10 mpaka 15 pa sikweya mita. Kutsikira kudambo kuli makande, dothi lakuda lomwe limang'ambika m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, ndipo likanyowa limapirira zochepa kwambiri. Kulinso malo omwe kale anali dzenje la njerwa kapena la zinyalala n'kukwiriridwa, omwe pamwamba amaoneka bwinobwino. Pa malo onsewa, 17 wadutsa malire.

Kuipa kwa kutitimira ndi kwakuti kumadzidyetsa kokha. Chala chikamira pang'ono, khoma limawerama. Likawerama, kulemera kumasunthiranso kutsogolo, chala n'kumiranso. Ndikukhulupirira kuti ndi zomwe zinachitikira khoma la pa chithunzi chija, ngakhale kuti popanda kukumba sindingalumbire.

Tikakulitsa phazi

Ndinabwereza masamu omwewo ndi phazi la mamita 2: chala masentimita 50, thupi 30, chidendene mamita 1.2. Thupi la khoma sindinalisinthe ngakhale pang'ono.

Dothi lokhalira chidendene lawirikiza kawiri, ndipo kulemera konse kwafika matani 9.2. Mbali yogwira yakwera kufika 10.9, ndiye pa kugubuduzika tikupeza 4, kuposa 2 wofunika uja. Pa kutsetsereka tikupeza 1.7, tadutsa 1.5. Kulemera kukuponda pa masentimita 89 kuchokera ku chala, pafupi ndi pakati penipeni, ndipo pansi pa chala nthaka ikusenza matani 6 okha m'malo mwa 17. Khoma lalemera kwambiri koma likupondera mopepuka, chifukwa phazi lonse likugwira ntchito.

Amalume funso lawo linali limodzi: "Nanga zimenezi zindidyera zingati?" Masentimita 80 oonjezerawo ndi konkiriti yosakwana makiyubiki mita 5 pa khoma lonse la mamita 20. Ndi matumba a simenti 30 ndi kanthu, kuphatikiza zitsulo, mchenga, miyala ya kwale ndi aganyu okumba. Si ndalama yochepa masiku ano, tonse tikudziwa mmene mtengo wa simenti ukuvutira. Koma yerekezani ndi kugumula khoma lonse n'kuyambiranso, osanena za nyumba ili pamwambayo.

Mdani weniweni ndi madzi

Masamu onse ndachitawa ndi a dothi lomwe madzi sakukhazikikamo. Koma kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale nthaka imakhuta. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, zomwe dothi lokhuta madzi limachita pa malo otsetsereka. Kwathu kuno kulibe mapiri otero, koma chigwembe cha mamita 3 chimamvera lamulo lomwelo.

Madzi alibe timchenga tokolana, ndiye amakankha cham'mbali ndi kulemera kwawo konse. Akadzaza kuseri kwa khoma mpaka pamwamba, madzi okha amakankha ndi matani 4.5. Dothi lomira m'madzi limapepuka n'kukankha ndi matani 1.5. Pamodzi matani 6, matumba 120 a chimanga pa mita iliyonse, pomwe poyamba anali 54.

Khoma la mmisiri apa lagwa kale: yogwetsa 6, yogwira yongopitirira 4 pang'ono. Koma chomwe chinandidzidzimutsa ndi chakuti ngakhale khoma langa la phazi la mamita 2 silipulumuka. Kukhuzana kwake kumagwira matani osakwana 5, madzi ndi dothi zikukankha ndi 6. Litsetsereka basi. Ndipo apa sindinawerengere madzi olowa kunsi kwa phazi, omwe amalinyamula n'kulipepukitsa.

Choncho phazi lalikulu palokha si yankho. Madzi apatsidwe njira. Kuseri kwa khoma kuthiridwe miyala ya kwale yochindikala masentimita 30 kuchokera pansi kukwera m'mwamba, ndipo pakati pa miyala ndi dothi paikidwe nsalu yosefa kuti matope asatseke mipata. M'munsi mwa khoma mudutse mapaipi a mamilimita 75 kapena 100, motalikirana mita imodzi ndi theka kapena awiri. Pamwamba patsekedwe ndi dothi lotsendera, pakhalenso ngalande yopatutsa madzi a padenga ndi a m'njira. Makande omwe mwakumba musawabwezere kuseri kwa khoma, chifukwa amasunga madzi n'kufufuma, ndipo gawo limodzi mwa atatu lija siligwiranso ntchito. Khoma la pa chithunzi chija ndinaliyenda kuchokera uku mpaka uko, sindinaone bowo ngakhale limodzi. Pulasitala yosalala bwino, yokongola, madzi onse atatsekeredwa mkati.

Mungadziwe bwanji kuti khoma layamba kudwala?

Mangani mwala ku chingwe, mugwire pamwamba pa khoma. Ngati mwala ukulendewera kutali ndi tsinde la khoma, lawerama. Yezani mpatawo, lembani tsiku, mudzayezenso pakatha sabata ziwiri. Mpata ukamakula, chotsani ana ndi katundu m'munsimo, muitane wodziwa. Mng'alu wa m'nthaka pamwamba, woyenda motsatira khoma, ukutanthauza kuti dothi layamba kutsatira khoma lomwe likuthawa. Nthaka kapena simenti ya kutsogolo ikatukumuka pomwe khoma lili chiimire, ndiye likutsetsereka. Ndipo mapaipi akakhala ouma mvula itagwa sabata yathunthu, khoma lili chinyezi, musasangalale: atsekeka.

Mng'alu wopingasa m'munsi mwa thupi la khoma ndi matenda ena. Umaloza ku zitsulo, zomwe pa khoma lotere zimayenera kukhala mbali ya dothi, chifukwa ndi mbali yomwe imakokeka. Masamu atatu ndafotokozawa sayeza zitsulo, sayezanso ngati chitunda chonse chingagumuke pamodzi ndi khoma lomwe. Zimenezo ndi za injiniya wovomerezeka, yemwe amayambira kukumba dzenje n'kuyeza nthaka yeniyeniyo m'malo mwa nambala zanga za m'buku.

Chifukwa chake ndalemba zonsezi

Sikuti ndi nkhani ya amalume okha. Malo osalala pa matauni athu ang'onoang'ono, kaya ndi pano, pa Nsaru, pa Kabudula kapena pa Namitete, akutha, ndipo anthu ayamba kudula zitunda ndi kukwirira m'mbali mwa madambo. Ndalama za CDF ndi za khonsolo nazonso zimamanga milatho ing'onoing'ono ndi makalavati, ndipo makoma a m'mbali mwake amagwira dothi mofanana ndi la amalume. Chinthu chikagwa timathamangira kunena za simenti yobedwa. Nthawi zina zimakhala zoona, kuba kulipo. Koma tikamangoyang'ana matumba a simenti, tidzalandira ndi nthungululu khoma lomwe linalephera kale pa pepala.

Amene muli m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera, nthawi yofunsa ndi pomwe maziko ali pululu, konkiriti isanathiridwe. Tengani tepi muyeze phazi: pa khoma la kantiliva limayenera kukhala pakati pa theka ndi magawo 7 mwa 10 a msinkhu wa khoma. La mmisiri wathu linali magawo 4 mwa 10. Funsani kuti madzi atulukira pati. Funsani amene anachita masamu, ndipo akuonetseni nambala zitatu: ya kugubuduzika, ya kutsetsereka, ndi ya kulemera kwa pansi pa chala. Funsaninso ngati kontirakitala analembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno. Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa.

Kwa amalume zatha chonchi. Mmisiri sanachotsedwe ntchito, ndipo sindikanalola, chifukwa manja ake ndi abwino ndipo palibe anamuphunzitsapo masamu awa. Anatenga pepala langa, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mapaipiwo ndiye ndawamva, koma phazi la mamita awiri, bwanawa alola?" Amalume anadandaula za ndalama masiku atatu. Tsiku lachinayi anakwera pamwamba pa chigwembe, anaima pakhomo pa nyumba ija n'kuyang'ana pansi. Atatsika anati khoma lidikire kaye, agulitse soya, ndipo Loweruka ine ndi iwo tikwera ya ku Lilongwe kukafuna injiniya woti adzaone nthaka.

Pakadali pano tazunguliza chingwe ndi minga m'mphepete mwa chigwembecho, ndipo takumba kangalande kopatutsa madzi pamwamba. Makolo a ana odutsa njira imeneyo, chonde awuzeni adzere mbali inayo mpaka khoma litamangidwa.